Felemu ya malemu

Lolemba, 3 Malichi

Kalata ndailemba, ndaisiya. Mtima pansi.

Kanali kachinayi. Yoyamba inali masamba awiri, mlandu weniweni: ndimakuphikira, ndimakugulira sopo, moni wanga umaponda. Zoona zokhazokha, koma ndinang'amba. Yachiwiri ndinalembamo kuti ndimakukonda ngati mwana wanga. Bodza. Mwana wa amuna angayu bodza amalinunkhiza ali kutali. Yachitatu inatha ndi funso, ndipo funso ndi ngongole, limafuna yankho.

Yomwe yapita ndi iyi:

“Magalasi ako achepa mphamvu, ndaona mmene umatsinzinira. Felemu anakusankhira mayi ako, sindikunena kuti uitaye. Malenzi atsopano atha kulowa momwemo. Koma pulasitiki yakale nthawi zina imathyoka poitenthetsa, sindikubisira. Lachinayi sindikhala kuntchito. Ukafuna, pita tsiku limenelo, adokotala akakuyeza. Ukapanda kufuna, palibe mlandu. Sukuyenera kunditchula amayi, mayi ako alipo mmodzi. Sukuyenera kuyankha kalatayi ndipo sindidzakufunsa za iyo. Ine ndilipo, sindikuthamangira kulikonse.”

Ndailowetsa kunsi kwa chitseko iye ali kusukulu. M'chipinda mwake sindilowa. Kupatsira bambo ake ayi, ikanasanduka lamulo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Zii. Adona adzuka, amwa tiyi choimirira, atuluka. Magalasi omwewo, mwendo umodzi womanga ndi ulusi wakuda. Zaka khumi ndi zinayi, felemu ya mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Imamusiyira mizere kuseri kwa makutu.

Ine wodula malenzi tsiku ndi tsiku, mwana wa m'nyumba mwanga saona bolodi. Aphunzitsi anaitana bambo ake mwezi watha: wagwa masamu, amakopera kwa mnzake ndi zolakwa zomwe. Bambo ake, poti ndi adalaivala, anabwera ndi nzeru zawo za pa chiwongolero. Akuti akapanda kusintha magalasi, teremu ikatha apite akakhale kwa azakhali ake. Kenako akuti: “Ndipo uyambe kuwatchula kuti amayi.” Mwana anangowayankha kuti akazi anu ndawamva.

Akazi anu. Chaka ndi theka ndili akazi anu.

Akapita kwa azakhali ake sadzabweranso, ndipo abale onse adzati ndamuthamangitsa ndine. Izo ndingapirire, pakamwa ndili napo. Koma bambo ake sangapirire, ngakhale iwo sakudziwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Bambo ake abwera kuchokera ku ulendo. Ndawauza za kalata tili kubwalo, ndawaletsa zinthu zitatu: kumufunsa ngati wawerenga, kumuuza kuti athokoze, kutchula azakhali. Akuti ndiye ine ndizichita chiyani? Ndati muzidya.

Patebulo ndawaona akukoka mpweya kuti ayambe. Ndawaponda phazi. Atsokomola, apempha mchere.

Kalata m'bini mulibe. Ndinayang'ana, inde. Ndinalonjeza kusafunsa, sindinalonjeze kukhala mngelo.

Lachisanu, 7 Malichi

Dzulo sanapite. Chemwali wa pa kauntala kuntchito kwathu akanandiuza ndisanavule n'jekete lomwe.

Ndimayesa ndikwiya. Ayi. Mwina chifukwa mpira suli kwa ine. Kale ndinkagona ndikukonza mawu oti ndimuuze mawa, tsopano mawu anapita, ali kwa iye. Ndagona ngati mwala.

Kuntchito adokotala andikonza pamaso pa kasitomala, akuti ndayeza molakwa mpata wa maso. Atayezanso apeza momwemo. Pepani sanatuluke. Tinkakhala benchi imodzi ku yunivesite, ine ndikumuonetsa masamu. Iye anamaliza, ine ndinatsikira panjira chaka chachitatu bambo anga atadwala. Lero ndi adokotala, ine ndi “aja a kumakina”.

Lachitatu, 12 Malichi

Lilime likuyabwa. Ndamuona akuwerenga buku litagunda mphuno, mawu anafika pamano: mawa ndi Lachinayi. Ndinameza. Ndinakatsuka mapoto oyera kale.

Kudikira kopanda kuyang'anitsitsa ndiye ntchito. Moni ndimapereka monga kale, osawonjeza shuga. Ukayamba kukoma mwadzidzidzi mwana amadziwa kuti ukudikira malipiro.

Chimodzi chokha: wasiya kutuluka m'khitchini ine ndikalowa. Amangosunthira kuzenera. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 21 Malichi

Anapita! Dzulo, yekha, ndi yunifolomu.

Ndamva kwa chemwali wa pa kauntala, ndisanafunse. Maso onse awiri atsika kwambiri, lamanzere koposa. Adokotala akuti mwana uyu amawoloka bwanji msewu.

Koma pali pomwe sindinaganize, ine wanzeru zonse. Kuyeza ndi kwa adokotala, kudula ndi kulowetsa ndi kwa ine. Pano palibe wina. Ndinamulonjeza tsiku lopanda ine, pomwe felemu ya mayi ake ikudzathera m'manja mwanga.

Chemwali akuti anamuuza zoona: tikhoza kutumiza kwina, milungu iwiri, kapena apange a kumakina. Mwana anafunsa kuti a kumakina ndani. Chemwali anamuuza kuti ndine. Kenako anapempha cholembera.

Envelopu ili pa benchi yanga. Pansi pa manambala a adokotala, zilembo zazikulu za munthu wosaona bwino: “Apange iwowo. Asathyole.”

Iwowo. Ndakwezedwa pantchito.

Malenzi afika Lolemba. Felemu akadali nayo, sangayende popanda.

Lolemba, 24 Malichi

Waisiya m'mawa pa tebulo, m'kachikwama kake, ine ndili kubafa. Kusukulu wapita chopapasa, bambo ake amuperekeza.

Sindinaopepo pulasitiki chonchi. Ndaiyang'ana pa nyali: kamng'alu kakang'ono pafupi ndi mphuno, mbali ya kumanja. Ndajambula mpangidwe, ndadula malenzi, m'mphepete ndapala pang'ono kuposa masiku onse kuti asakakamize. Kutenthetsa pang'onopang'ono, kuchotsa, kuyesa ndi chala, kubwezera. Lamanzere lalowa. Lamanja ndinasiya kupuma. Thwa. Lalowa, mng'alu sunayende.

Ndinakhala pansi.

Miyendo ya felemu ndaitambasula pang'ono kuti isamulume. Pa mwendo womanga ndi ulusi uja ndaika kasikuluwu katsopano. Ulusi wakuda uja sukugwiranso ntchito, koma sindinautaye. Sindikudziwa anamanga ndani, mwina malemu mayi ake. Ndaukulunga, ndauika m'kachikwama.

Kunyumba ndasiya pa tebulo pomwe ndinaipeza. Popanda kalata. Imodzi inakwana.

Lachiwiri, 25 Malichi

Zikomo palibe, ndipo sindimayembekeza. Bambo ake anatsegula pakamwa, anayang'ana phazi lawo, anatseka. Za azakhali sizinamvekenso. M'mawa ndamva bambo ake akuimba m'bafa, mawu ngati geti la dzimbiri.

Madzulo ano ndikusenda anyezi, iye pazenera, magalasi kumaso, akuyang'ana mtengo wa kuseri kwa mpanda ngati wabzalidwa lero. Kenako watembenuka, wandiyang'ana nthawi yaitali. Koyamba kundiona bwinobwino, mwina.

Akuti: “Kani muli ndi imvi.”

Ndati zina mwa izo ndi zako. Sanaseke. Koma pakamwa panagwedezeka, ndaona.

Akuti mwendo wa kumanja ukumufinyabe pang'ono kuseri kwa khutu. Kukonza zimenezo felemu imayenera kukhala pankhope, ine ndikugwira khutu. Ndamuuza choncho, ndati tsiku lililonse lomwe ungafune, kapena chemwali wa pa kauntala akhoza.

Wapita kuchipinda. Ndimati zathera pomwepo.

Akugogoda. Chitseko changa, iye. Kapulayala kanga kokonzera felemu ndinakaika kuti?